Zikomo wina amabaya

Kwathu ku Naisi, m'dera la Mfumu Yaikulu Malemia, munthu akamathokoza sitidalira mawu okha. Timamuona akugwada kapena kunjuta, timamva m'manja mukulira, ndipo nkhope yake imatiuza ngati "zikomo" kapena "sikomo" wakeyo akuchokera pansi pa mtima. Koma masiku ano abale ambiri ali ku Blantyre, ku Lilongwe ndi ku Joni, ndipo kuthokoza kwathu kumayenda pafoni. Mu uthenga wolemba mulibe bondo, mulibe nkhope. Mumatsala mawu okha, ndiye wowerenga amawaveka liwu limene iye akuliganizira.

Ine pabanja pathu ndine amene amandipatsa foni kuti, "Tawerenga kaye tisanatumize." Ntchito imeneyi yandiphunzitsa kuti uthenga wothokoza ukhoza kukhala ndi zikomo atatu koma n'kumveka ngati kunyogodola, wolembayo asakudziwa n'komwe.

Agogo athu atamwalira pachipatala chachikulu cha Zomba, amalume athu amene amagwira ntchito ku Joni sanathe kubwera. Chipepeso chawo, K150,000, chinafika patatha masiku anayi titaika maliro. Achemwali anga, amene anasenza mwambo wonse, analemba uthenga uwu:

"Zikomo amalume chifukwa cha kangachepe kaja. Talandira ndithu, ngakhale kuti mwambo unali utatha kale. Ena anabwera okha kudzatithandiza, koma inu tikudziwa kuti ndinu otanganidwa. Mwatikumbukiratu. Mulungu ndiye akuona. Zikomo."

Achemwali sankafuna ndewu. Anali otopa chabe, ndipo ankaona ngati akufotokoza mmene zinayendera. Koma mu uthengawu muli minga, ndipo iliyonse ili ndi malo ake.

Munga woyamba ndi "kangachepe". Mawu amenewa ndi aulemu kwambiri, koma mwini wake ndi wopereka. Munthu akamakupatsa nkhuku amati, "Landirani kangachepeka," pofuna kudzichepetsa. Wolandira akabwereza mawu omwewo, sakudzichepetsanso ayi, akuchepetsa mphatsoyo. N'chimodzimodzi ndi "kandalama kaja" kapena "timatumba tija". Ka- ndi ti- wochepetsa azituluka pakamwa pa wopereka basi. Wolandira atchule chinthucho ndi dzina lake lonse.

Munga wachiwiri ndi "ngakhale" ndi mnzake "koma". Mawu awiriwa akabwera pambuyo pa zikomo, amafufuta zikomoyo, ndipo wowerenga amangosunga zimene zatsatira. Amalume akanawerenga kuti, "Mwachedwa." Kenaka pali "ena anabwera okha". Pamaliro kwathu chipepeso chimalengezedwa pagulu, dzina ndi ndalama zake, ndiye aliyense amadziwa kale kuti anthu amayerekezera. Kutchula ena mu uthenga wothokoza munthu mmodzi kuli ngati kumuimika pamzere n'kumuonetsa kuti ali kumapeto. Nawo mawu akuti "tikudziwa kuti ndinu otanganidwa" amaoneka ngati kumvetsa, koma munthu amene sanapemphe kuti umupezere chifukwa amawamva ngati mlandu.

Munga wachitatu ndi wovuta kuuona chifukwa ndi waung'ono: ka -tu ka pa "mwatikumbukiratu". Mayi akagwira dzanja lako n'kunena kuti "mwatithandizatu", -tu ameneyo amalimbikitsa kuyamika. Koma ndi -tu yemweyo amene timauza mwana woswa mbale kuti, "Wachita bwinotu!" Pakamwa liwu limasiyanitsa ziwirizi, polemba palibe chosiyanitsa. Komanso kuuza munthu kuti watikumbukira kumatanthauza kuti anali atatiiwala. Nanga "Mulungu ndiye akuona"? Awa timawanena podalitsa, komanso timawanena tikalakwiridwa n'kusowa kokadandaula. Ngakhale "Zikomo" wotsiriza uja, woima yekha, ali ndi vuto. Zikomo ndi mawu a ntchito zambiri: timathokozera, timapemphera njira, timatsekeranso nkhani imene sitikufuna kuipitiriza. Akabwera pambuyo pa madandaulo amamveka ngati chitseko chikutsekedwa.

Pofuna kugwira minga yotere ndimachita zinthu ziwiri. Choyamba, ndimaphimba ndi chala mawu onse akuti zikomo n'kuwerenga zotsalazo. Ngati chatsala ndi mbiri ya zimene munthuyo sanachite, ndiye kuti si kuthokoza, ndi dandaulo lovala jekete. Chachiwiri, ndimawerenga uthengawo mokweza ndi liwu la munthu wokwiya. Uthenga wabwino umakana liwu limenelo, sumveka bwino ukaunena mwaukali. Wa achemwali unalowa m'liwu laukali ngati phazi mu nsapato yake.

Nditawawerengera motero, anagwira pakamwa. "Iii, achimwene, ine sindimatanthauza zimenezotu!"

"Ndikudziwa, achemwali," ndinatero. "Koma amalume akawerenga ali okha m'chipinda, atangoluza mayi awo, komanso akudziimba kale mlandu kuti sanaponye dothi."

Pokonza sitinawonjezere mawu okometsera. Tinangofunsa mafunso atatu: talandira chiyani, chagwira ntchito yanji, ndipo chatipeputsira chiyani? Uthenga unatuluka chonchi:

"Amalume, ndalama zija K150,000 talandira dzulo. K100,000 tamalizira ngongole ya bokosi kwa akalipentala, ndipo K50,000 talipira galimoto imene inanyamula thupi kuchokera kuchipatala. Ngongole ziwirizi zimatisowetsa tulo, lero tagona. Zikomo kwambiri. Pepani inunso, ndi mayi anu amene atisiya. Amayi akuti akuimbirani Lamlungu madzulo."

Onani kuti palibe bodza limene talemba. Sitinanene kuti ndalamazo zinafika pa nthawi yake. Mawu akuti "dzulo" ndi "ngongole" akunena zoona zonse popanda kuloza chala. Ndipo manambala aja ndi amene amapha kunyogodola, chifukwa munthu wonyogodola sawerengera kuti ndalama yako yagula chiyani. Kwa m'bale wakutali, amene nthawi zina amakayika ngati thandizo lake limafika pamene analitumizira, kumuuza mmene ndalama yayendera ndi ulemu woposa "zikomo kwambiri" khumi.

Pali msampha wina pokonza: kupyola muyeso. Munthu akakupatsa K2,000 iwe n'kulemba kuti, "Mwatipulumutsa bwana, popanda inu tikanafa," adzadabwa ngati ukumuseka. Kuyamika kuzilingana ndi mphatso. Ndiponso ngati munthu umamutchula kuti "achimwene" masiku onse, usamusandutse "bwana" kapena "olemekezeka" tsiku lothokoza, chifukwa ulemu wobwera mwadzidzidzi umamveka ngati mtunda.

Komabe kukonza mawu kuli ndi malire. Nthawi zina minga ija siigwa mwangozi. Imachokera pa chilonda chenicheni. Achemwali zinawapwetekadi kuti amalume, amene kwathu kuno ndi eni mbumba, sanaimbe foni usiku wa tsiku loika maliro. Dandaulo limenelo ndi loyenera, koma malo ake si mu uthenga wothokoza. Ukaziphatikiza, zonse ziwiri zimawonongeka: zikomo samveka, ndipo dandaulo silingayankhidwe chifukwa silinanenedwe poyera. Munthu angayankhe bwanji mlandu umene wabisika mu -tu? Akafunsa, umakana kuti, "Inetu ndimangothokoza," ndiye mkwiyo umakhala pansi ngati moto wa mankhusu.

Choncho tinazilekanitsa. Uthenga wothokoza unapita tsiku lomwelo. Nkhani ya foni ija inadikira Lamlungu, ndipo anaikamba ndi amayi, mlongo wawo wa amalumewo, pakamwa, pamene liwu limamveka ndipo munthu akhoza kuyankha. Akulu amati chibale ndi fupa, sichiola. N'zoona, koma fupa limathyoka, ndipo m'mabanja ambiri chimene chimalithyola si mwano wa poyera ayi, ndi zikomo amene mnzako wamuwerenga kasanu usiku n'kumadzifunsa kuti, "Kodi pamenepa akutanthauza chiyani?"