Moni adikire kaye: za masekondi khumi oyamba a kanema

Anzanga aphunzitsi, ndi inu amene munadutsa m'manja mwanga, lero ndikufuna nditsutsane pang'ono ndi chinthu chimene ife tomwe timaphunzitsa. Timauza ana kuti chimangirizo chimayamba ndi mawu otsogolera, ndipo kwathu kuno munthu sayamba nkhani asanapereke moni. Zonsezi n'zoona m'kalasi ndi pabwalo la mfumu, chifukwa womvera sangadzuke n'kuchoka. Koma wa pafoni amachoka. Chala chake chili pomwepo, bandulo ndi yogula yekha, ndipo pansi pa kanema wanuyo pali wina amene akumudikira.

Taonani mmene makanema ambiri a m'masukulu ndi m'magulu a alimi amayambira. Koyamba chikwangwani cha sukulu, kanyimbo, kenako munthu ataima chilili akukonza kolala. "Moni nonse kulikonse kumene muli, dzina langa ndine uje, ndisanayambe ndithokoze a hedi." Masekondi 30 atha, woonera sanadziwebe ngati nkhani ndi ya chimanga, ya mpira kapena ya maliro. Pa `Facebook` zimaipiraipira, popeza kwa anthu ambiri kanema amayamba yekha mawu ali otseka, ndiye chimene akuona ndi munthu akugwedeza milomo basi. Pa `WhatsApp` munthu amaona chithunzi chimodzi chosaoneka bwino ndi nambala ya kukula kwa kanemayo, n'kuganiza ngati n'koyenera kuwonongerapo bandulo.

Ndipereke chitsanzo cha ntchito imene ana anga a Fomu 3 anagwira. Kuno ku Chinguluwe ndi kwa alimi, a thonje ndi chimanga, ndipo palibe amene saidziwa mbozi ya ntchemberezandonda. Inalowa m'dziko muno m'nyengo ya ulimi ya 2016 mpaka 2017, ndipo mu Disembala 2017 boma linalengeza kuti maboma 20 ali pangozi chifukwa cha iyo. Anawo anafuna kupanga kanema wa mphindi ziwiri woonetsa makolo mmene angaizindikirire msanga. Nkhani yake ndi ya nsima ya chaka chonse, koma ngati kholo latseka kanemayo pa sekondi yachisanu, zonse zimene zili kutsogoloko zapita pachabe.

Tinayamba ndi pepala, foni ili m'thumba. Funso linali limodzi: mlimi akalowa m'munda, choyamba kuona n'chiyani? Si mbozi ayi, chifukwa imabisala m'kati mwa nsonga, muja mumatulukira masamba atsopano. Choyamba kuona ndi ndowe zake zooneka ngati utuchi, ndi masamba obooka. Ndiye kanema ayambire pamenepo, pa chinthu chimene mlimi anachiona dzulo m'munda mwake. Analemba motere:

"Mukaona utuchi uwu m'chimanga chanu, mbozi ili m'kati. Iyi ndi ntchemberezandonda. Masana imabisala, usiku imadya. Ndikuonetsani moipezera isanamalize munda."

Mawu 19. Titawerenga mokweza ndi wotchi, anapitirira masekondi 12. Mawu a Chichewa ndi aatali, anzanga. Liwu lakuti ntchemberezandonda lokha limadya kuposa sekondi. Mwana wina anati angoyankhula mothamanga ngati wolengeza mpira pawailesi. Ndinakana, chifukwa agogo amene tikuwafunawo sangamve. Njira ndi kuchotsa. Chiganizo chachitatu chinachoka, ngakhale chinali chokoma kuposa zonse, n'kukakhala pakati pa kanema. Panatsala mawu 15, ndipo anakwana bwino ndi mpata wopumira.

Onani ntchito ya ziganizo zotsalazo. Choyamba chikumuuza munthu kuti nkhaniyi ndi yake. Chachiwiri chikutchula mdani. Chachitatu ndi lonjezo, kuti akadikira apeza chiyani. Pa zitatuzi chimene anthu amaiwala kwambiri ndi lonjezo. Amaonetsa chinthu chodzidzimutsa, woonera n'kudabwa, kenako n'kupita, popeza sanauzidwe chifukwa chotsalira.

Kenako zithunzi. Masekondi atatu oyamba ndi dzanja likutsegula nsonga ya chimanga, foni ili pafupi kwambiri, utuchi uja ukuoneka. Palibe nkhope, palibe chikwangwani. Pamwamba anaika mawu awiri okha akuluakulu, "Utuchi m'chimanga?", kuti wotseka mawu uja awerenge. Masekondi atatu otsatira ndi mbozi ili pachikhatho. Anayi otsiriza ndi pamene nkhope ya mtsikana woyankhulayo ikuonekera, ataima m'munda, akunena lonjezo lija. Zithunzi zitatu n'zokwanira. Ndaona ena akusintha zithunzi sekondi iliyonse ngati kanema wa nyimbo, ndipo maso a munthu wamkulu amatopa asanamvetse chimene akuonacho.

Podula anagwiritsa ntchito `CapCut`, koma pulogalamu iliyonse ya mtunduwu ili ndi zomwezi. Mumakokera kanema mpaka pamene dzanja layamba kale kuyenda, n'kudina `Split`, n'kusankha chidutswa cham'mbuyocho, n'kudina `Delete`. Chidutswa chimenecho chimakhala ndi foni ikugwedezeka, mapazi a wojambula ndi mawu akuti "yayamba?" Sekondi imodzi kapena ziwiri chabe, koma ndi zimene munthu akanaziona koyamba. Musaikenso kuti chithunzi chizituluka pang'onopang'ono kuchokera mumdima, chifukwa mukatero chithunzi choyamba cha kanemayo ndi chakuda bii. Mawu anawajambula padera m'kalasi ana ataweruka, poti m'munda mphepo imawomba pafoni ngati ng'oma, n'kuwaika kuti ayambe pa sekondi yoyamba yeniyeni.

Nanga mudziwa bwanji kuti zagwira? Amene mumaika pa `YouTube`, tsegulani `YouTube Studio` muone mzere wa `Audience retention`. Mzerewu umatsika nthawi zonse koyambirira, zimenezo musadandaule nazo. Koma ukagwa ngati phompho kenako n'kuyenda bwino, vuto lili pa chiyambi, osati pa phunziro. Pamenepo palinso `Intro`, imene imakuuzani kuti mwa anthu 100 alionse ndi angati anali akuonerabe patatha masekondi 30. `WhatsApp`, kumene makanema athu ambiri amayenda, sikuuzani kuti munthu analekera pati. Ndiye ife tinachita zakumudzi. Mupatseni foni munthu amene sakudziwa nkhaniyo, musanene kanthu, muziyang'ana maso ake. Akadzutsa mutu n'kufunsa kuti "ndi za chiyani?", chiyambi chalephera. Mlonda wina amene tinamupatsa sanadzutse mutu; anangoti, "Zimenezi zili m'munda mwanga."

Pali malire. Mnyamata wina anafuna tiyambe ndi mawu akuti "Chimanga chonse cha Salima chatha!" Anthu akanaonera ndithu, koma ndi bodza, ndipo kuno timadziwana. Wonamizidwa kamodzi satsegulanso kanema wa ana a sukulu. Chimene mwalonjeza m'masekondi khumiwo chionekere m'kanemamo, ndipo chisachedwe. Mwa ifeyo, njira yofufuzira mbozi inayamba sekondi ya 20 isanakwane.

Za moni, sitinamutaye. Anabwera pa sekondi ya 11, wamfupi: "Moni makolo, ndife ana a Fomu 3." Mphunzitsi mnzanga wachikulire akunenabe kuti kumeneko n'kusowa mwambo, kuti mwana sangauze akulu za mbozi asanawalonjere. Ndikumumva, ndipo kanema wopita kwa mfumu kapena ku komiti ya sukulu ndingamuyambe ndi moni ndi ulemu wonse, chifukwa amenewo amuonera mpaka kumapeto. Koma wopita m'magulu a pafoni, kumene akupikisana ndi nthabwala ndi mauthenga a maliro, ndiyambabe ndi utuchi.