Mbuzi ya Khisimasi ku Kanyama

Ana a masiku ano sakhulupirira ndikamawauza kuti kuseri kwa nyumba yathu ku Kanyama kunali khola la mbuzi. Linali la mitengo, lokwezedwa m'mwamba mpaka m'chiuno, chifukwa Kanyama ndi thanthwe losamwa madzi, ndipo amene tinaona chigumula cha 1978 sitinkagoneka chiweto pansi. Tinkagula kambuzi mu Juni, kukadyetsa, n'kukagulitsa sabata ya Khisimasi.

Mbuzi zinkabwera pa malole kuchokera kum'mwera, kuchigwa cha Gwembe ndi cha ku Chirundu, monga zimafikira ku Chibolya lero. Malume anga ndiwo anandiphunzitsa kusankha. Ankayamba ndi kuitsegula kukamwa. Mbuzi ili ndi mano asanu ndi atatu akutsogolo, kunsi kokha. Ngati onse ali ang'onoang'ono, a mkaka, ndiye kuti sinakwane chaka ndipo ikukulabe. Ikatulutsa mano akulu anayi kapena kuposa, ankaisiya, ati imeneyo idzangokudyera gaga. Kenako ankatembenuza chikope. Chikakhala chofiira, magazi alimo. Chikayera ngati pepala, njoka za m'mimba zayimaliza, makamaka ngati pansi pa chibwano patupa. Ankafuna yamphongo yofula, yaitali thupi, yowonda ndi njala osati ndi matenda. Ankandiuza kuti, “Iwe mphwanga, yonenepa kale usagule, phindu lake wadya ndi mwini wake.”

Ikafika pakhomo tinkaimwetsa mankhwala a njoka tsiku lomwelo, ndipo mvula yoyamba ikagwa tinkabwereza. Chakudya chachikulu chinali cha ulere. M'mawa ana ankapita ndi wilibala kumsika wa Soweto kukatola masamba a kabichi ndi makoko a chimanga, ife n'kuwonjezera masamba a mabulosi a pampanda. Tinkamangirira m'mwamba, pakuti mbuzi sidya chimene yaponda. Chogula chinali gaga wa kuchigayo, yemwe amatsika mtengo anthu akangokolola, ndipo n'chifukwa chake tinkayamba mu Juni.

Pa gaga m'pamene anthu ambiri ankataya mbuzi. Umayamba ndi wodzaza dzanja limodzi, n'kumaonjezera pang'onopang'ono kwa masabata awiri mpaka magalamu 300 patsiku, wothira kamchere, madzi ali pambali. Ukaipatsa beseni lonse tsiku limodzi, kapena ana akaithira nsima yotsala ya m'nyumba zitatu, imaleka kubzikula, mimba imatupa kumanzere, imatsegula m'mimba, ndipo kukacha ukhoza kuipeza itauma. Mdani wina anabwera pambuyo, mapulasitiki atachuluka. Mbuzi yosiyidwa kuyenda m'komboni imawameza, mimba n'kukula koma msana uli mafupa okhaokha, ndipo palibe mankhwala amene amawatulutsa. Ndiye sitinkakhulupirira mimba. Tinkapapasa pamsana, kumbuyo kwa nthiti: fupa likayamba kubisika m'nyama, ndiye kuti gaga akugwira ntchito.

Mbuzi zathu zachikuda sizithamanga kukula. Yodyetsedwa bwino imaonjezera makilogalamu awiri pamwezi, kapena kucheperapo. Ya makilogalamu 15 mu Juni inkafika 25 kapena 27 mu Disembala, itadya thumba limodzi la gaga la makilogalamu 50 ndi kanthu pang'ono. Ogula athu, anyamata owotcha michopo pamabala ndi mabanja okonza phwando, ankadziwa kuti ukachotsa chikopa, mutu, miyendo ndi zam'kati, nyama imatsala pafupifupi theka, ndipo ankatsutsa mtengo ndi chiwerengero chimenecho.

Kuwerenga phindu kunavuta pamene a Chiluba analowa mu 1991 ndipo boma linaleka kuthandizira mtengo wa ufa. Mu 1992 ndi 1993 mitengo inkakwera kuposa kawiri pachaka. Munthu ankagulitsa mbuzi makwacha ochuluka kuposa amene anagulira, n'kusangalala, koma akafika kusitolo ndalamazo sizinkagula ngakhale ufa umene akanagula mu Juni. Ife tinkawerenga m'matumba a ufa wa lola a makilogalamu 25. Mbuzi ina imene ndikuikumbukira bwino ndinaigula pa mtengo wa matumba awiri. Gaga, mchere ndi mankhwala zinadya thumba limodzi. Ndinaigulitsa pa mtengo wa matumba anayi ndi theka, kutsala thumba limodzi ndi theka la thukuta la miyezi isanu ndi umodzi. Si chuma, koma mu Januwale ana ankalowa m'kalasi atavala yunifolomu yatsopano. Mbuzi imodzi ikafa kapena kubedwa usiku, phindu la ziwiri linkapita nayo, n'chifukwa chake khola linali pansi pa zenera la kuchipinda.

Inu adzukulu amene mukufuna kuyesa, yambani mwafunsa kukhonsolo ngati kwanuko n'kololedwa kuweta, ndipo muonetsetse kuti masamba muli nako kowatenga ulere. Ngati chakudya chonse mudzagula, ndalama zanuzo musagulire mbuzi.