Chipsera chokula kupitirira bala: tikambirane za keloidi

Amayi anzanga, funso la chotupa cha pakhutu ndimalilandira kawirikawiri, ku chipatala ngakhalenso mu mauthenga anu. Mwana anaboola makutu, bala linapola bwinobwino, koma patapita miyezi pamatuluka kanthu kolimba ngati nsawawa, kenako nkumakulirakulira. Kuchipatala chipsera chotere timachitcha keloidi.

Munthu akavulala, thupi limapanga tiulusi totchedwa kolajeni tosokera balalo, ndipo bala likatsekeka ntchitoyi imaima. Mwa anthu ena thupi silimva kuti ntchito yatha, limangopangabe tiulusito mpaka tiunjikane. Ndiye chipsera chimatukuka, chimalimba ngati labala, chimanyezimira, ndipo nthawi zambiri chimayabwa kapena kubaya. Si khansa, sichipatsirana, ndipo palibe amene wamulodza mwanayo. Chimakonda ife akhungu lakuda, makamaka a zaka za pakati pa 10 ndi 30, komanso chimayenda m'magazi. Mukafunsa bwino mupeza kuti azakhali kapena agogo ali nacho pachifuwa kapena paphewa.

Ine ndikamayang'ana chipsera, choyamba ndimafuna kudziwa pomwe bala linalekezera. Pali zipsera zina zomwe zimatukuka, monga za opaleshoni yobereka, koma zimakhala mumzere wa bala momwemo, ndipo zambiri zimaphwa zokha pakatha chaka kapena ziwiri. Keloidi imadumpha malire nkulowerera khungu lomwe silinavulale, ndipo siphwa yokha. Kabowo ka singano kangathe kubala chotupa chachikulu ngati dzira.

Ndimakumbukira mtsikana wina wa zaka 16 amene anabwera ndi mayi ake. Anaboola makutu ndi singano kunyumba, ndipo khutu limodzi linachita mafinya kwa masabata angapo lisanapole. Patatha miyezi pafupifupi isanu, kuseri kwa khutulo kunatuluka kachotupa ngati njere ya chimanga. Anzake anamulangiza kuti akamange ndi ulusi kuti kafote nkugwa. Kanagwadi, koma panatsala chilonda, ndipo chaka chisanathe chotupa chinabwerera chachikulu kuposa poyamba. Atapita kwa asing'anga anamutema mphini mozungulira, ndipo mphini ziwiri zinasandukanso timakeloidi. Pamene amafika kwa ife n'kuti akuvala duku tsiku lililonse, kusukulu akujombajomba chifukwa chosekedwa.

Mayi ake anapempha kuti, "Anamwino, ingomudulani basi." Ndinawamvetsa, koma kudula ndi bala latsopano, ndipo khungu la mwanayu limayankha bala lililonse ndi keloidi. Chotupa chikangodulidwa popanda chithandizo china, nthawi zambiri chimabwereranso, mwinanso chokulirapo. N'chifukwa chake dokotala akakana kudula msanga, musaganize kuti akukunyozani.

Chomwe madokotala amakonda kuyamba nacho ndi jakisoni wa mankhwala a siteroyidi, wobaya m'chipsera mwenimwenimo. Amabwereza pakatha masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi, kangapo ndithu. Jakisoniyu amawawa, sindikunamizani, ndipo khungu lozungulira likhoza kuyererako. Kuyabwa ndiko kumayamba kuchepa, kenako chipsera chimafewa nkuyamba kuphwa pang'onopang'ono. Chikakhala chachikulu kwambiri amachidula, koma amatsatiza majakisoni, ndipo pakhutu amatha kuwonjezera ndolo zapadera zopanikiza zomwe zimavalidwa miyezi yambiri. Mtsikana uja tinamutumiza kwa madokotala a khungu ndipo anadutsa njira imeneyi. Khutu silinabwerere mwakale ndendende, koma duku analivula. Chomwe chimagwetsa ambiri ndi kusiyira panjira: chikangophwa pang'ono amaleka kupita, mtunda ndi ndalama ya galimoto zikavuta, kenako chimayambiranso. Choncho musanayambe, funsani kuti mudzafunika kubwera kangati kuti mukonzekere.

Yambirani ku chipatala cha kwanuko, akulembereni kalata yopita ku chipatala cha boma, kapena ku zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu. Keloidi yaing'ono, yatsopano, imamva mankhwala msanga kuposa ya zaka zambiri. Ndipo musadikire ngati chotupa chayamba chilonda chosapola, chikutuluka magazi kapena mafinya, kapena chamera pomwe simukumbukira bala lililonse, chifukwa mwina si keloidi, chiyenera kuyezedwa.

Ngati mwana ali kale ndi keloidi, kapena ilipo pamtundu panu, ine ndimati asaboolenso makutu, asatemedwe mphini, ndipo asamafinye ziphuphu za pachifuwa ndi m'masaya. Koma katemera musamuthawitse. Kachipsera ka katemera wa BCG paphewa n'kabwinobwino, ndipo ndi mwa ana ochepa momwe kamakula kupitirira malire. Mukamapita ku opaleshoni ina iliyonse, ngakhale yobereka, auzeni adokotala asanayambe kuti khungu lanu limachita keloidi.