Ndalama ya mjigo silipira malipiro

Ndimasunga mabuku a chuma ku bungwe laling'ono lomwe si la boma, lokumba mijigo ndi kuphikira ana phala m'midzi ya Dowa ndi Ntchisi. Ndalama zimatipeza pawiri. Zina wopereka amati tigwiritse ntchito monga tionera. Zina zimabwera ndi mawu ake: izi n'za mijigo ya ku Malomo basi. Zachiwirizi ndizo zambiri, ndipo ndizo zimandigoneka mochedwa.

Ndalama yotere ikalowa, ndimayamba ndawerenga mgwirizano, kenako ndimaitsegulira thumba lake m'buku, ndi nambala yakeyake. Vocha iliyonse, kaya ya simenti yogula pa Mponela kaya ya mafuta a njinga yamoto, imalembedwa nambalayo isanasainidwe, lisiti ndi makotesheni zitamatidwa kumbuyo. Njinga ikayendera mapulojekiti awiri, mafutawo ndimawagawa potsata makilomita olembedwa m'buku la maulendo.

Mwezi ukatha ndimaphatikiza zotsala m'matumba onse n'kuyerekeza ndi zomwe zili ku banki. Tinene kuti thumba la mijigo latsala ndi K22 miliyoni, la phala K10 miliyoni, koma ku banki kuli K30 miliyoni. Ngati palibe wantchito amene anatenga ndalama za kumudzi osabweza malisiti, ndiye kuti K2 miliyoni ya eni ake yalipira zina, kawirikawiri malipiro kapena lendi. Palibe waba, komabe mgwirizano wasweka, ndipo wopereka atha kulamula kuti tibweze. N'chifukwa chake bwana akandifunsa kuti tili ndi zingati, sinditchula za ku banki. Ndimatchula zomwe tili nazo ufulu.

Mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Madola 10,000 a mijigo omwe pa bajeti anali K11.8 miliyoni anasanduka K17 miliyoni. Yapamwambayo si mphatso ya ofesi. Imakhalabe m'thumba la mijigo, pakuti mapaipi nawo anakwera, ndipo kusintha bajeti kumadikira kalata ya wopereka. Chilolezo cha pafoni sindichilandira.

Wopereka amalandira lipoti la thumba lake lokha: bajeti, zomwe zagwira ntchito, zotsala, ndi chifukwa cha kusiyana kulikonse. Boma limafuna chithunzi chonse. Lamulo la mabungwe litasinthidwa mu 2022, NGORA inalowa m'malo mwa bodi yakale yoyang'anira mabungwe, ndipo chaka chilichonse timaitumizira mabuku opimidwa ndi ma odita akunja kwa bungwe, pamodzi ndi lipoti la ntchito. M'mabukumo ndalama zokhala ndi mawu zimaima pa mzere wosiyana ndi zaufulu. Odita amatola vocha imodzi, kuilondola kuchokera pa mgwirizano mpaka ku banki, ndipo nthawi zina amakwera phiri kukapopa yekha mjigowo.