Kalata kwa mphwanga: za kudzuka ndi kuswera

Wokondedwa mphwanga,

Kuno tadzuka bwino, kaya iwe ku Harareko? Wandifunsa chifukwa chake anzako a Chishona ali ndi moni wa mitundu itatu, mangwanani, masikati ndi manheru, pamene ife tikuoneka ngati tili ndi iwiri yokha. Ndimve bwino, chifukwa nkhani imeneyi ndimaikonda.

Moni wathu satchula nthawi. Amafunsa za chimene munthu wadutsamo. Ukati “Mwadzuka bwanji?” ukufunsa za usiku, ndipo nchifukwa chake ena amati “Mwagona bwanji?” Kwa makolo athu funsoli silinali la mwambo chabe. Usiku ndi pamene malungo amakula, ndi pamene fisi amalowa m'khola, ndiye kukacha umayenera kudziwa ngati a khomo linalo atuluka onse. Mpaka lero yankho limanena zoona. Wina akati “Tadzuka bwino,” dutsa. Koma akangoti “Tadzukako pang'ono,” khala pansi, m'nyumbamo muli matenda, ndipo kupitirira osafunsa ndi mwano.

“Mwaswera bwanji?” amafunsa za tsiku. Kuswera ndi kutha tsiku uli pamalo kapena pantchito, ndipo liwu lomweli anzakowo ali nalo, paja amati “Maswera sei?” Abale athu a ku Chipata amakonda kunena “Mwauka bwanji?” m'mawa ndi “Mwachoma bwanji?” dzuwa likapendeka, pamene Atumbuka amati “Mwawuka uli?” ndi “Mwatandala uli?” Ukuona kuti ponseponse mafunso ndi awiri, la usiku ndi la usana. Moni wa madzulo sitinausowe ayi. Kunja kukamachita chisisira munthu amakhala ataswera tsiku lonse, ndiye funso la kuswera lija ndi pamene limakoma kwenikweni. Mawu a usiku timawasungira potsanzikana: “Gonani bwino,” “Tionana mawa.”

Tsono zachilendo zinalowa liti? Liwu loti “moni” ambiri amati linachokera ku liwu la Chingerezi lotanthauza m'mawa, limene anthu ankalimva kwa azungu, monga amishoni a ku Scotland amene anakhazikika ku Blantyre mu 1876. Ngati zili choncho, taona mmene tinalisinthira: tinalichotsa nthawi, moti lero ungathe kupereka moni ngakhale pakati pa usiku. Kenaka kunabwera sukulu ndi wailesi. MBC inayamba mu 1964, Chichewa nkukhala chiyankhulo cha dziko mu 1968, ndipo muulutsi amene akuyankhula kwa anthu osawaona sangafunse funso nkudikira yankho. Mawu ngati “Mmawa wabwino,” “Masana abwino,” “Madzulo abwino” ndi “Usiku wabwino” amamukwanira iyeyo, chifukwa ndi mafuno chabe, oumbidwa potengera Chingerezi. Ine sindidana nawo pa wailesi kapena pa foni. Koma usakawanene kwa agogo uli chiimire pakhomo. Kumeneko umanjuta, manja pamodzi, nkufunsa.

Pa za nthawi yosinthira, m'tauni anthu amayang'ana wotchi: isanakwane 12 koloko “mwadzuka,” ikapitirira “mwaswera.” Si zolakwika, koma kumudzi pali chinanso chimene chimalamula, ndicho chakuti kodi munaonana kale lero kapena ayi.

Tiyerekeze ndi amalume. Wakumana nawo mbandakucha akupita kudimba, mwapatsana moni wa kudzuka. Cha m'ma 11 koloko ukuwapeza akubwerako khasu lili paphewa. Wotchi ikuti ndi m'mawa, koma ukabwereza “Mwadzuka bwanji?” adzakuyankha kuti “Paja sitinaonane?” chifukwa waonetsa kuti moni woyamba uja sunachokere mumtima. Apa uyenera kunena “Mwaswera bwanji?” pakuti za usiku munathana nazo. Koma azakhali amene sunawaone chidzukire, ukawapeza pa ola lomwelo akusenda chinangwa pakhonde, “Mwadzuka bwanji?” akadali m'malo mwake. Dzuwa likafika paliwombo nkuyamba kupendeka, funso la usiku latha ntchito kwa aliyense, kupatula wodwala amene wangotsitsimuka kumene kapena mlonda amene anagona m'mawa atachezera kuntchito.

Munthu amene papita masiku musanaonane usamufunse za usiku umodzi. Ameneyo ndi wa “Muli bwanji?” ndipo ufunsenso za ana ndi za kumene wachokera. Ndiponso usaiwale kuti “wadzuka” ndi “waswera” ndi za ine kwa iwe, kapena iwe kwa ana ako. Kwa wamkulu ndi kwa mlendo ndi “mwa-” nthawi zonse, ndipo wamng'ono asathamangire kutambasula dzanja, adikire wamkulu ayambe.

Ukabwera pa Khirisimasi basi idzakutsitsa madzulo. Amayi ukawapeza pamkeka, khala pansi kaye, katundu aikidwe m'nyumba, adzayamba okha kukulonjera. Upereke moni kwa alamu ndi ana.

Ine mkulu wako.