Kalata kwa mwana wanga amene akukayamba ukalaliki ku Balaka

Ntaja, Machinga

Mwana wanga wokondedwa,

Popeza mawa lino ukwera basi ya ku Liwonde kuti ukaoloke Shire ndi kukayamba ntchito yosunga mabuku a katundu ku Balaka, ndipo popeza mawu olankhula pakhonde amatha ndi mphepo, ndaona kuti nkwanzeru kukulembera za chinthu chimodzi chimene sichidzalephera kukupeza, ngakhale utakhala wofatsa chotani. Lidzafika tsiku limene bwana wako, munthu amene wakhala akukukomera mtima, adzakuitana, nadzatseka chitseko, nadzakupempha motsitsa mawu kuti pa pepala lina ulembepo tsiku limene linapita kale.

Tiyerekeze kuti zachitika motere. Chaka cha chuma cha boma tsopano chimatha pa 31 Malichi, ndipo ndalama zimene sizinagwire ntchito pofika tsikulo ofesi imaopa kuti zibwerera kumene zinachokera. Matumba 200 a simenti afika pa 9 Epulo, iwe wawawerenga ndi maso ako, koma bwana akuti, "Mwanawe, pa fomu yolandirira katunduyo lembapo 28 Malichi, kuti malipiro alowe m'chaka chathachi; palibe akuba kanthu, simenti ndi imeneyo." Mawu amenewa adzamveka okoma ndi oona, pakuti simenti ilipodi, ndipo mwina bwanayo sakufuna kudyapo ngakhale tambala imodzi, koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Siginecha yako pa fomu imeneyo ndi umboni wakuti pa 28 Malichi unaima m'nyumba yosungira katundu ndi kulandira simentiyo, ndipo umboni umenewo ndi wonama. Malamulo a dziko lino amati kupanga chikalata chonama ndi cholinga chonyenga ndi mlandu, ndipo pa mlanduwo woyamba kufunsidwa ndiye mwini dzanja limene linalemba.

Usaganize kuti tsiku lonamalo lidzabisika, chifukwa pepala la mu ofesi silikhala lokha. Mlonda wa pachipata ali ndi buku lake, ndipo analembamo nambala ya lole ija pa 9 Epulo. Woyendetsa lole anabwera ndi kalata yoperekera katundu ya tsiku lomwelo, ndipo ina yofanana nayo inatsala kwa wogulitsa. Mafomu a m'buku lako ali ndi manambala otsatana, kotero kuti ngati fomu 412 unailemba pa 3 Epulo, munthu aliyense wodziwa kuwerenga adzadabwa kuona fomu 413 ikunena za 28 Malichi. Kompyuta nayonso imasunga tsiku ndi ola limene chinthu chinalowetsedwa, pamodzi ndi dzina la amene analowa. Oyendera mabuku a chuma akabwera, ntchito yawo ndi kuika mapepala amenewa pamodzi ndi kuona pamene akutsutsana. Ndipo tsikulo pempho la bwana, limene linali la pakamwa m'chipinda chotseka, silidzapezeka paliponse, koma dzina lako lidzapezeka. Choipa chitsata mwini.

Unali wamng'ono mu 2013, pamene nkhani ya kubedwa kwa ndalama za boma ku Capital Hill, imene anthu anaitcha Cashgate, inaululika a Paul Mphwiyo, mkulu woona za bajeti, atawomberedwa mu Seputembala chaka chimenecho. Zimene akatswiri a Baker Tilly anapeza zinali zakuti boma linkalipira mabiliyoni a makwacha kwa makampani amene sanapereke katundu aliyense, ndipo malipirowo ankafufutidwa mu makina a boma osungira za chuma otchedwa IFMIS. Ndalama zotere sizituluka ndi dzanja la munthu mmodzi. Pamafunika wolemba vocha, woivomereza, ndi wosaina cheke. A Treza Senzani, amene anali mlembi wamkulu mu unduna wa zokopa alendo, analamulidwa mu 2014 kukhala m'ndende zaka 3, pomwe a Victor Sithole, amene anali wothandizira chabe mu ofesi ya za chuma, analamulidwa zaka 9. Milandu yawo inali yosiyana, ndipo sindikuyerekeza simenti yako ndi mabiliyoni amenewo. Ndingofuna uone kuti kuchepa kwa udindo sikunatchinjirize munthu pamaso pa woweruza.

Tsono tsikulo likafika, usakwiye, ndiponso usachititse manyazi munthu wamkulu pamaso pa antchito ake. Yamba wafunsa mwaulemu chimene chavuta, pakuti safunsa anadya phula, ndipo kawirikawiri udzapeza kuti bwana akufuna kuthetsa vuto lenileni, kungoti wasankha njira yachidule. Ukamva vutolo, mpatse njira yoongoka. Unene kuti, "Bwana, ndilemba tsiku la lero, ndipo ndikonza kalata yofotokoza kuti oda inaperekedwa mu Malichi koma katundu wachedwa, kuti inu musaine tipite nayo kwa akuluakulu a za chuma." Apa pali kusiyana kumene ndikufuna ukugwiritse: kulemba lero, ndi tsiku la lero, za chinthu chimene chinachitika kale, ndiko kusunga mbiri, ndipo nkololedwa, koma kulemba lero ndi kunamizira kuti unalemba kale, ndilo bodza. Njira yoongokayi ili ndi mtengo wake, pakuti mwina ndalama zija zidzabwereradi, wogulitsa simenti adzadikira miyezi ingapo, ndipo bwana adzadzudzulidwa chifukwa cha kuchedwa. Koma kumeneko ndi kudzudzulidwa chabe, kumene kumatha ndi kalata imodzi.

Akaumirira, mpemphe, mwaulemu womwewo, kuti akupatse lamulolo molemba. Munthu wa cholinga chabwino adzaima ndi kuganizanso, ndipo wa cholinga choipa adzakana kulemba. Mwa njira iyi udzadziwa amene ukuchita naye. Madzulo ake lemba m'kabuku kako, kamene uzisunga kunyumba, tsiku, ola, mawu amene ananenedwa ndi yankho lako. Mawu ako achinsinsi olowera pa kompyuta usapatse munthu, ngakhale atati angofuna kukuthandiza uli kumaliro, ndipo usasaine fomu yopanda kanthu kuti ena akadzaze pambuyo.

Si kulakwa kulikonse kumene uyenera kuthamanga nako kunja. Ngati nkhani ndi ya tsiku lokha, ndipo bwana wamva kukana kwako nasiya, isiye pomwepo, umlemekeze monga kale. Koma ukaona kuti akufuna ulembe kuti katundu wafika pamene sanafike, kapena kuti makoteshoni atatu a ogulitsa alembedwe katundu atagulidwa kale kwa mbale wa wina, pamenepo tsiku lonamalo likuphimba kuba, ndipo uyenera kukauza woyendera mabuku wa pa ofesi yanu kapena mkulu woposa bwanayo. Iwo akakhala chete, bungwe lolimbana ndi ziphuphu la ACB, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1995, limalandira madandaulo otere. Kumbuka akulu a ku Yezreeli, amene analandira makalata a Yezebeli okhala ndi chidindo cha mfumu, nachita monga anauzidwa. Naboti anafa ndi manja a anthu omvera.

Sindikubisira kuti kukana kungakuwawitse. Mwina adzakumana maulendo okhala ndi alawansi, mwina adzakusamutsira kutali, mwinanso adzakufunira chifukwa chokuchotsera. Zikafika pamenepo, lamulo la ntchito la chaka cha 2000 limaletsa kuchotsa munthu popanda chifukwa chomveka ndi popanda kumumva, ndipo ofesi ya zantchito pa boma pamodzi ndi khoti loona milandu ya ntchito zilipo. Kumeneko kabuku kako kaja kadzakulankhulira. Ndipo usaope kuti ife tidzakudzudzula chifukwa chotaya malipiro. Amayi ako ndi ine tagwirizana kale kuti ukadzachotsedwa pa chifukwa chotere, ubwere kuno, munda wa mpunga ulipo, tidzadya pamodzi mpaka utapeza ntchito ina.

Ukafika utidziwitse, ndipo ukapereke moni kwa amalume ako ku Ulongwe.

Ndine,
Bambo ako