Kutha kwa Mphala ndi Kuka, ndi Vuto la Kholo Lopeza Ana

M'midzi yambiri ya m'chigawo chapakati sizikuonekanso kawirikawiri nyumba ziwiri zimene kale zinkaimira pambali pa nyumba za mabanja. Yoyamba ndi mphala, yomwe ena amaitcha gowelo, kanyumba kamene anyamata a mbumba imodzi ankagonamo akangofika msinkhu wochita manyazi kugona m'nyumba ya makolo awo. Yachiwiri ndi kuka, nyumba ya agogo aakazi, mmene atsikana ankagona ndi kulandira malangizo. Anthu akamadandaula za kutha kwa nyumbazi amatchula nthano ndi mwambo zimene zinapita nazo, koma pali chinthu china chomwe chinatayika mwakachetechete: danga limene linalipo pakati pa munthu wokwatira kapena kukwatiwa pa banja lomwe lili kale ndi ana, ndi ana amene wawapezawo. Mlembi wa nkhani ino, yemwe anakulira m'mudzi wina wa m'boma la Dedza m'zaka za m'ma 1970, amakhulupirira kuti danga limenelo ndilo linkachititsa kuti mwana wopeza ayambe kukhulupirira kholo latsopano popanda kukakamizidwa.

Kuti nkhaniyi imveke, nkofunika kukumbukira mmene banja la Chichewa linkakhalira pa chikamwini, womwe ndi mwambo wakuti mwamuna amakamanga nyumba kwawo kwa mkazi. Ana ankawerengedwa ku mbumba ya mayi awo, ndipo wowayang'anira pa nkhani zikuluzikulu, monga matenda, milandu ndi ukwati, anali malume awo, amene ankatchedwa mwini mbumba. Mkamwini, ngakhale bambo wobereka amene, analibe mawu omaliza pa anawo. Choncho mwamuna wopeza ana sankabwera kudzalanda mpando wa munthu aliyense, pakuti mpando waukuluwo unali kale ndi mwini wake, ndipo iye ankangoyembekezeka kulima, kumanga nkhokwe, kufolera denga ndi kukhala mwaulemu ndi apongozi. M'zaka zimenezo amuna ambiri ankapita kukagwira ntchito ku migodi ya ku Joni ndi m'mafamu a ku Rhodesia, ena n'kutchona, kutanthauza kukhaliratu osabwerera, kotero kuti ana opeza anali ponseponse ndipo palibe ankawayesa achilendo.

Chitsanzo chimene mlembi amachikumbukira bwino ndi cha mbale wake, mwana wa mayi ake aang'ono, amene bambo ake anatchona iye ali wamng'ono, ndipo mayi ake anakwatiwanso mnyamatayo ali ndi zaka 9. Chaka choyamba mnyamatayo sankamutchula mkamwiniyo dzina lililonse. Akatumidwa kukamuitana kumunda ankaima patali n'kunena kuti akuitanidwa kunyumba, ndipo pokamba za iye ankangoti "aja". Akamuona atakhala pakhonde ankazungulira kuseri kwa nkhokwe. Mkamwiniyo zinkamupweteka, ndipo anakadandaulapo kwa nkhoswe wake, amene anamuuza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Chomwe chinamuthandiza kudekhako n'chakuti sankakumana ndi mwanayo tsiku lonse: mnyamatayo ankagona kumphala, masana ankaweta mbuzi, ndipo madzulo ankadya pa chidyerano, pamene nsima zochokera m'nyumba zingapo zinkasonkhanitsidwa malo amodzi, amuna ndi anyamata kwawo, akazi ndi atsikana kwawo. Awiriwa ankapisa m'mbale imodzi pakati pa anthu ena asanu kapena asanu ndi mmodzi, ndipo palibe ankayenera kuyang'ana mnzake m'maso.

Nthawi yososa itakwana, mkamwiniyo anasema mpini waufupi wa mtengo wopepuka, nakhomeramo khasu lakale lomwe linali litaperepeseka, n'kulisiya pa khomo la mphala osanena kanthu. Mnyamatayo analitenga osathokoza, ndipo palibe anamukakamiza kutero. Chaka chachiwiri mbuzi zimene ankaweta zinalowa m'dimba la munthu wina ndi kudya chimanga chachiwisi. Mlanduwo unapita kwa malume ake, omwe ndiwo anamukalipira, koma nkhuku yopepesera inachokera m'khola la mkamwini uja, ndipo mnyamatayo anazimva zimenezi kwa agogo ake patapita masiku, osati kwa mwini nkhukuyo. M'chaka chomwecho mayi ake anabereka mwana wamkazi, ndipo zinthu zinabwerera m'mbuyo: mnyamatayo anasiya kufika kunyumba kwa mayi ake pafupifupi miyezi iwiri, akudya kwa agogo okha. Panali pa chaka chachitatu, nyengo yosaka mbewa itafika pambuyo pa kukolola, pamene anabwera ndi mpani wa mbewa zowamba n'kuupereka kwa mkamwiniyo ndi manja awiri, akunena kuti ndi za bambo ake a mwana wakhandayo. Sanamutche bambo ake iye mwini, ndipo sanatero mpaka atakula, koma kuyambira tsiku limenelo ankapita naye limodzi kukadula nsungwi.

Si onse amene zinkawayendera chotero, ndipo nthano za mayi wopeza amene ankamana mwana ndiwo sizinapekedwe popanda chifukwa. Mwana amene mayi ake anamwalira ali pa chitengwa, womwe ndi mwambo wotengera mkazi kwawo kwa mwamuna, ankavutika kwambiri chifukwa achibale a mayi ake anali kutali. Komabe mlembi akakumbukira zaka zimenezo amaona mudzi umene unali ndi zitseko zambiri, mmene mwana wokwiya ankatha kukakhala kwa agogo mpaka mtima utagwa, popanda wina kunena kuti wathawa.

Zinthu zinasintha pang'onopang'ono. Mliri wa Edzi, umene unayamba kudziwika m'dziko muno cha m'ma 1985, unatenga amalume ndi azimayi aang'ono ambiri omwe akanalera ana, minda inachepa, njala ya 2002 inachititsa kuti nyumba iliyonse izitseka chitseko pakudya, ndipo mabanja ambiri anasamukira m'tauni. Lero kholo lopeza limakhala ndi mwana m'nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri ku Ndirande kapena ku Area 25, mwanayo akugona pabalaza, malume ali pa foni yokha. Kholo limeneli limalipira lendi, yunifolomu ndi zina zofunika kusukulu, ndipo chifukwa chakuti likulipira limayembekezera kutchedwa adadi kapena amami sabata yoyamba yomwe. Mwana akayankha kuti "si inu bambo anga", mawuwo amamveka ngati kusayamika, pamene kawirikawiri amakhala akuteteza malo a kholo limene linachoka kapena kumwalira, pakuti mwana amaona ngati kukonda munthu watsopano ndiko kupereka kholo lake lomubereka.

Popeza mphala ndi kuka sizidzabwerera, kholo lopeza liyenera kupanga dala danga limene kale mudzi unkapereka. Choyamba ndi nkhani ya dzina. Mwana asakakamizidwe kunena kuti bambo kapena mayi, koma pakhale dzina laulemu lomwe onse agwirizana, kaya la mfunda monga aPhiri kapena aNabanda, kaya "ankolo" kapena "anti" monga zilili m'tauni. Chofunika kuumirira ndi ulemu wamba, monga kupereka moni, kuyankha akaitanidwa ndi kusatukwana, pakuti ulemu ungathe kulamulidwa koma chikondi ayi. Ndipo kholo limene kulibe lisanyozedwe mwana akumva, ngakhale litakhala kuti silitumiza thandizo. Nkhani imeneyo ndi ya akuluakulu, ndipo lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 limapereka njira yopita nayo kukhothi popanda kumuika mwana pakati.

Chachiwiri ndi chilango. Ntchito imene malume ankagwira iyenera kukhala ya kholo lobereka, makamaka m'chaka choyamba ndi chachiwiri. Mwachitsanzo, mtsikana wa zaka 13 akabwera usiku kuchokera kwa anzake, mayi womupeza asamukalipire pakhomo, koma amupatse chakudya chake, nkhaniyo auze mwamuna wake kuchipinda, ndipo m'mawa bamboyo ndiye alankhule ndi mwana wake, akunena kuti lamulo la nyumbayo ndi la onse awiri. Njirayi imalephera pamene kholo lobereka, pofuna kusangalatsa mwana kapena pothawa mkangano, lingokhala chete, chifukwa pamenepo kholo lopeza limasanduka wantchito wophika ndi kuchapa koma wopanda mawu, ndipo mkwiyo wake umadzatulukira pa mwana. Vuto lotero si la mwanayo, ndi la okwatiranawo, ndipo ndi nkhani yoitanira ankhoswe.

Chachitatu ndi ntchito yochitira limodzi, yomwe imalowa m'malo mwa khasu laling'ono lija. Mwana wokayikira samasuka akakhazikidwa pansi ndi kufunsidwa chimene chikumuvuta, koma amamasuka pamene manja ali pa ntchito ndipo maso sakuyang'anizana, monga pomata tayala la njinga, potola miyala mu nyemba kapena popita kuchigayo. Kanthu kakang'ono kochitika tsiku lomwelomwelo sabata iliyonse kamaposa nsapato zodula zogulidwa kamodzi, pakuti mwana amene kholo lina linamusiya amayesa munthu poona ngati amabwera pa nthawi imene analonjeza. Amayesanso pa mbale: akabadwa mwana watsopano, wopezayo amawerenga nthuli za nyama ndi kuona amene wagulidwira bulangeti, ndipo kubwerera m'mbuyo pa nthawi imeneyo n'kwachibadwa, sikutanthauza kuti zonse zawonongeka.

Kupita patsogolo kumaoneka m'zinthu zazing'ono. Mwana amayamba kukhalabe pabalaza kholo lopeza likalowa, amapempha yekha ndalama ya kope m'malo motuma mayi ake, kapena amatsutsa poyera, chomwe nthawi zambiri chimasonyeza kuti mantha atha. Ana osakwana zaka 5 amazolowera msanga, pamene a zaka zoyambira 10 mpaka 15 amatenga zaka zingapo, ndipo ena amangofika pa ulemu wokha, umene nawonso ndi wokwanira kumangirapo nyumba. Koma pali kukana kwina kosayenera kudikiridwa: mwana akayamba kuonda, kukodza pogona atasiya kale, kujomba kusukulu, kapena kuopa kutsala yekha ndi munthu wina wake wa m'nyumbamo, afunsidwe ali payekha ndi munthu amene amamukhulupirira, ndipo ngati pali chizindikiro cha nkhanza nkhaniyo ipite ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu kapena ku nthambi ya polisi yothandiza ozunzidwa.

Mkamwini wa ku Dedza uja anamwalira ali wokalamba m'mudzi womwewo, ndipo amene anagula matabwa a bokosi lake anali mnyamata wa mbewa uja, yemwe panthawiyo anali ndi ana akeake. Pa malo pamene panali mphala pano pali munda wa mbatata.